Mapilisi pa Nsalu Yakuda

Amayi atagwa kachiwiri, mchemwali wanga anati basi, asamuke. Anagwa atangodzuka pampando kuti akatsegule chitseko, ndipo anachekeka pang'ono pachipumi. Mchemwali wangayo amakhala kutali, m'nyumba yosanja, ndipo chipinda anali atakonza kale. Anati adzawatenga Lamlungu.

Amayi sanakane mokweza. Anangondifunsa kuti maluwa awo a pakhonde azithirira ndani. M'nyumba imeneyi akhalamo zaka makumi asanu.

Lachisanu tinali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala, ndipo namwino anatiuza pafoni kuti tibweretse mndandanda wa mankhwala onse amene Amayi akumwa. Ndinapita Lachinayi m'mawa kukaulemba. Ntchito imeneyi ndinaiphunzira pamene malemu mkazi wanga ankadwala, ndipo sindinkaganiza kuti ndidzaigwiranso.

"Mankhwala anu ali kuti, Amayi?"

Analoza chitini chakale cha mabisiketi pamwamba pa kabati. Nditatsegula ndinapeza tizibotolo tisanu ndi kamodzi topanda chizindikiro chilichonse. Zala zawo zimavutika kuboola timapepala tonyezimira tomwe mapilisi amabweramo, choncho mayi woyandikana nawo nyumba ankawabowolera pafupifupi onse nthawi imodzi n'kuwathira m'tizibotolo, mtundu uliwonse pawokha.

"Awa ndi a chiyani?"

"Oyerawo ndi a BP. Aatali achikasuwo ndi amene amanditumizira mchemwali wako, a mtima. Aang'onowo ndi a mafupa. Ndimawadziwa onse ngati ana anga, a Hedimasitala, musandiyese mayeso."

Ndinapuma pantchito ya uphunzitsi zaka zinayi zapitazo, koma kwa Amayi ndidakali a Hedimasitala, makamaka ndikamawatopetsa.

Ndinakokera tebulo pafupi ndi windo n'kuyalapo nsalu yakuda, chifukwa piritsi loyera pa tebulo loyera silioneka pachithunzi. Kuwala kwa foni ndinazimitsa, kumafufuta zilembo zozokotedwa pa piritsi. Lililonse ndinkalijambula kawiri, kumaso ndi kumbuyo, pambali pake nditaika rula ndi kapepala ka nambala. Kenako ndinkafunsa Amayi kuti amamwa angati ndiponso nthawi yanji, n'kulemba zimene anena, osati zimene ndikuganiza kuti anayenera kunena.

"Ine mwana wanga sanandijambulepo chaka chino," anatero Amayi, "koma mapilisi akujambulidwa ngati akwati."

"Iwo sasuntha, Amayi. Inu mumatseka maso."

Anaseka koyamba chigwereni.

A mafupa aja anandiuza kuti anapatsidwa ndi mnzawo wa kutchalitchi, ndipo amamwa bondo likavuta. Sankafuna kuti ndiwalembe, ati si a kuchipatala. Ndinawalemba. Ndinalembanso mavitamini ndi mankhwala a m'maso omwe anali m'chikwama chawo.

Chithunzi cha piritsi pachokha sichikwanira. Pamafunika bokosi lake, chifukwa dzina ndi mphamvu ya mankhwala zimalembedwa pamenepo. Ndinafunsa ngati mabokosi anatayidwa.

"Kutaya bokosi labwinobwino? Tsegula dirowa ya makina osokerawo."

Anali momwemo onse. M'bokosi lina munali mabatani, lina singano, lina zipi wakale. Ndinakhuthula mabataniwo m'mbale n'kuyamba kufananitsa. Mwamwayi, m'mabokosi ambiri munatsala kapepala konyezimira kokhala ndi piritsi limodzi kapena awiri, choncho ndinatha kuona kuti ili ndi la umu. La mafupa lija linalibe bokosi, ndipo pambali pa nambala yake ndinalemba kuti silikudziwika.

Vuto ndinalizindikira pamene ndinkakulitsa zithunzi kuti ndikopere mayina. Bokosi la mapilisi oyera linali la kuchipatala, lopanda zokongoletsa, lolembedwa amlodipine 10 mg. Bokosi la achikasu linali lokongola, dzina lina lalikulu pamwamba. Koma pansi pa dzinalo, m'zilembo zing'onozing'ono zimene maso anga sakanaziona popanda kukulitsa, panalembedwa amlodipine 10 mg.

"Amayi, oyerawa ndi achikasuwa mumamwa tsiku limodzi?"

"M'mawa uliwonse. Sindiphonya."

"Munayamba liti?"

"Oyerawo anandipatsa kuchipatala miyezi iwiri yapitayo. Achikasuwo ndi akalekale."

Anagwa koyamba masabata asanu ndi limodzi apitawo. Ndinayang'ana mapazi awo. Masiku amenewo ankavala masilipasi a malemu bambo, poti nsapato zawo zinasiya kulowa.

Ine si dokotala. Ndinaika mabokosi, tizibotolo ndi kope m'jumbo n'kuwauza kuti ndikubwera.

Wogulitsa mankhwala ku famase ya pakona ndi mayi wamfupi wovala magalasi pamphuno. Anayang'ana zithunzi, koma anati ndimupatse mabokosi enieniwo. Anawatembenuza n'kuwerenga.

"Ndi mankhwala amodzi, bambo. Makampani ndi awiri, n'chifukwa chake mtundu ukusiyana. Akumwa kawiri mlingo umene analemberedwa. Chizungulire akadzuka? Mapazi otupa?"

"Zonse ziwiri."

"Sindikunena kuti chawagwetsa ndi chimenechi chokha. Pa msinkhu wawo zifukwa zimachuluka. Amwa kale lero?"

"Amwa."

Anaimbira foni kuchipatala ine ndili pomwepo. Dokotala anati mawa m'mawa asamwe lililonse mwa awiriwo mpaka atawaona, ndipo akakomoka kapena kufooka kwambiri tisadikire mawa. Piritsi la mafupa lija mayiyo analiyang'ana mbali zonse, nati popanda zilembo kapena bokosi sangalumbire kuti ndi chiyani, choncho Amayi alisiye ndipo ndikalionetse kwa dokotala.

Madzulo ndinatumizira mchemwali wanga zithunzi ziwiri zija, nditazunguliza dzina laling'onolo. Anaimba nthawi yomweyo.

"Achimwene, ndiye kuti ndine ndawagwetsa Amayi?"

"Ayi. Iwe umagula zimene analemberedwa kale. Kuchipatala anawapatsa omwewo osadziwa kuti ukutumiza. Palibe anaona mabokosi awiriwa pamodzi."

"Inu mumakhala pafupi, simunaone?"

"Sindinatsegulepo chitinicho."

Kenako anati Lamlungu abwerabe.

Lachisanu namwino anayeza BP ya Amayi atagona, kenako ataimirira. Ataimirira inatsika kwambiri. Dokotala anawerenga mndandanda wanga mzere ndi mzere akuyang'ana zithunzi, nafufuta mzere wachiwiri. Anasiya piritsi limodzi patsiku, nati mankhwalawa satha m'thupi tsiku limodzi, tidikire sabata kapena kuposerapo, ndipo tibwerenso pakatha milungu iwiri.

"Nanga zokhala okha?" ndinafunsa.

"Tiyeni tione kaye mmene akhalire pa mlingo woyenera. Pakadali pano pakhale munthu pafupi, ndipo asamadzuke mothamanga."

Mchemwali wanga anafika Lamlungu ndi sutikesi yopanda kanthu. Anapeza mndandanda nditaumata pa chitseko cha kabati: chithunzi cha piritsi, dzina lake lenileni m'zilembo zazikulu, ntchito yake, nthawi yomwera. Wina unali m'chikwama cha Amayi, wina ndinamupatsa iye. Anauwerenga ataimirira, chikwama chili paphewa.

"Mwezi umodzi," anatero. "Akangogwanso, achimwene, sindidzafunsa munthu."

"Mwezi umodzi. Ndizigona kuno."

"Ndiye ndapeza wondilondera," anatero Amayi. "Amaliza mkonono ngati bambo ake."

Patha masabata atatu. Kutupa kwachepa, ndipo dzulo Amayi anavala nsapato zawo za kutchalitchi. Akamadzuka amayamba akhala kaye m'mphepete mwa bedi n'kuwerenga mpaka khumi, mokweza, kuti ndimve. Sutikesi ija idakali kuseri kwa chitseko. M'mawa uno Amayi aikamo mabatani awo, poti mabokosi ndinawalanda, kenako atuluka ndi kabekete kukathirira maluwa.