Mbewu ya Amayi Pakati pa Munda

Priscah atakwatiwa ku Ndola, amayi ake anamupatsa zitsononkho zisanu ndi chimodzi za chimanga cha makolo, zomangana ndi makoko ake omwe. Chinali chimanga cha kwawo ku Katete, chanjere zolimba ngati mwala, zoyera koma zina zofiirira apa ndi apo, makoko ake otseka mpaka kunsonga moti anankafumbwe ankachilephera. Chaka chilichonse ankachibzala kuseri kwa nyumba yawo ku Chifubu, kumene anansi ankangolima repu ndi mbatata. Pokolola ankasankha zitsononkho zabwino n'kuzipachika pautsi, monga ankachitira amayi ake. Amayiwo atamwalira, sanalumphepo chaka.

Mwamuna wake Simeon ankachitcha "chimanga cha apongozi," ndipo ankachiseka kuti chimatalika ngati mlongoti koma kubereka mwana mmodzi. Ankatha kuseka chifukwa anali pantchito, pa kampani yokonza mapampu a m'migodi, ndipo ufa unkabwera m'thumba. Kenaka kampaniyo inagulitsidwa. Eni ake atsopano anayamikira antchito onse ndi mawu okoma, nawatsekera geti.

Simeon anapeza kamunda cha ku Bwana Mkubwa, ndipo kuseri kwa nyumba kuja anamangako chipinda cha lendi.

"Nanga mbewu ya amayi ndiibzala kuti?" anafunsa Priscah.

"Kumunda, amake Chipo. Malo alipo. Koma ine ndibzala haibulidi, osati mlongoti wanuwo."

Minda ya m'tauni ili ndi lamulo lake: akuba dowe amayambira m'mphepete. Chinthu chimene umachikonda umachiika pakati. Choncho Priscah anatenga mizere yochepa pakatikati pa munda, haibulidi ya mwamuna wake itaizinga mbali zonse ngati mpanda. Anagona tulo tabwino, poganiza kuti wachita zanzeru.

Chaka chimenecho haibulidi inabereka modabwitsa, mapesi ofanana msinkhu ngati ana a sukulu pa mzere. Inamasula nthawi imodzi ndi chimanga cha Priscah, chimene iye anali atayamba kubzala mvula yoyamba. Mphepo ikawomba, mungu wa kungayaye unkachita ngati fumbi m'munda monse, n'kumagwera pa ndevu za chimanga chilichonse osasankha. Priscah ankadziwa kuti chimanga chimakwatirana, koma kwawo minda yonse inali ya mtundu umodzi, ndiye palibe ankadandaula nazo. Pokolola zitsononkho zake zinkaoneka ngati zakale zomwe. Anasankha, napachika pautsi.

Nayenso Simeon anasankha zitsononkho zazikulu za haibulidi.

"Paja mayi wa kusitolo ya mbewu uja anati iyi ndi yogula chaka ndi chaka," anamukumbutsa Priscah. "Anati makolo ake ndi mitundu iwiri yosiyana, ndiye ana ake okha ndiwo amafanana. Zidzukulu zimabalalika."

"Akanati chiyani, poti amagulitsa? Inuyo mumagula yanu? Taonani kukula kwake. Chimenechi chingabereke kachimanga konyozeka?"

Onse awiri ankadziwa kuti ngakhale akanafuna kugula, analibe pogwira. Koma zimenezo palibe anazitchula.

Zidzukulu zinabalalikadi. Phesi lina lalitali, lina lofika m'chiuno, lina lopanda mwana n'komwe. Sikuti munda unakana, koma matumba anachepa moti Simeon ankawasuntha m'chipinda kuti aoneke ambiri. Iye anati ndi kuchepa kwa feteleza, ndipo chaka chotsatira anabzalanso zomwezo. Priscah naye anapitiriza kubzala pakati paja. Anaona kuti mizere yake yayamba kusiyana msinkhu, njere zofiirira zikuchepa, makoko ena osafika kunsonga. Nayenso anati ndi feteleza.

Chilala chitapsereza minda ya kummawa, mlongo wake wa Priscah, Abednego, anatsika basi ku Ndola ali ndi kachikwama kopanda kanthu. Anali ataonda khosi, jekete ikumulendewera. Atadya ndi kufotokoza za odwala ndi omwalira, anafika pa chimene anadzera.

"Alongo, kumudzi mbewu ya amayi inatha. Njala ija tinadya ndi yapautsi yomwe. Imene anatigawira ndi haibulidi, ndipo chaka chino akuti aliyense adzigulire. Ndinauza anthu kuti musade nkhawa, ya amayi ili ku Chifubu. Ija sitigula. Ukangokhala nayo kamodzi, basi."

"Mwafika pake, alamu," anatero Simeon monyadira, ngati sanachisekepo. "Mlongo wanuyu amachisamala kuposa ine."

Priscah anakwera pampando natsitsa mtolo wa pautsi. Unali wopepuka kuposa mmene ankayembekezera. Atasenda chitsononkho choyamba, kaufa kanatsikira pachitenje chake, anankafumbwe akumwazika. Abednego anatola china, nachitembenuza. Njere zake zinali zophwanthalala, zolowa pamutu. Anaikapo chala chachikulu, njere inaphwanyika.

"Ichi n'cha alamu, eti? Cha amayi chili kuti?"

"N'chomwecho."

Abednego anaseka pang'ono, kudikira kuti mlongo wake naye aseke. Kenaka anasiya.

"Munabzala pafupi ndi chiyani?"

"Pakati pa haibulidi. Ndinkaopa akuba."

"Zaka zingati?"

"Zitatu."

Anasenda mtolo wonse, atatu onse. Njere zolimba zinalipo, chitsononkho china zambiri, china zochepa, ndipo zofiirira anazipeza pa zitsononkho ziwiri zokha. Abednego anazitokosola ndi chikhadabo naziika m'mbale. Sizinakwane dzanja.

"Tikabzala zokhazi, kutali ndi chimanga china, n'kumasankha chaka ndi chaka, mwina chingabwerere pang'ono," anatero. "Koma nazonso sitikudziwa bambo wake. Ndipo anthu akufuna mbewu ya munda, osati ya m'mbale."

Simeon anatsokomola. "Alamu, tengani zangazi. Zilipo zambiri."

"Zikomo, alamu. Zoterozo nafenso tili nazo."

Mmawa mwake Priscah anamangira njere zija pakansalu, naperekeza mlongo wake kokwerera minibasi. Kondakitala ankakuwa m'Chibemba kuti malo atsala amodzi, ngakhale minibasi inali yopanda anthu. Abednego anaika kansalu kaja m'thumba la jekete, kenaka anakatulutsanso.

"Tigawane, alongo."

"Ayi, tengani zonse. Ine ndilibe pobzala."

"Nanga ndikawauza chiyani anthu?"

Priscah anayang'ana kachikwama kaja, kali kopanda kanthu monga mmene kanabwerera.

"Mukawauze kuti akuba sanabepo ngakhale chimodzi," anatero.

Atabwerera kunyumba anapeza Simeon atasesa kale makoko ndi ufa uja, ntchito imene sanaigwirepo chikwatirane. Waya wopachikapo mbewu pautsi unali ukulendewera wokha, wakuda ndi mwaye. Simeon anafunsa ngati auchotse. Priscah anati ausiye, ndipo anatenga ndowa kupita kumpopi, ngakhale madzi m'nyumbamo analimo.