Kalata ya Idesi Yopempha Ntchito

Idesi anaiyamba kalatayo Lolemba, koma pofika Lachinayi anali atang'amba mapepala asanu ndi awiri m'kope lake. Mzere woyamba sunkamuvuta. Ankalemba keyala yake ya ku Mbulumbuzi pamwamba, tsiku, keyala ya bungwelo, kenaka mutu wa kalata. Akafika poti afotokoze ntchito zimene anagwirapo, cholembera chinkaima. Ankanyamuka, n'kutuluka panja, n'kuzungulira nyumba, n'kubwerera kudzakhala pampando womwewo.

Panali patapita miyezi isanu ndi inayi chimalizireni dipuloma yake ya zaulimi. Chidziwitso cha ntchitoyo anachiona pa gulu la pafoni la anzake a kukoleji: bungwe lina la alimi a nandolo, lomwe ofesi yake ili ku Namadzi, linkafuna mlangizi woyendera makalabu. Ankafuna kalata yopempha ntchito, sivi, makope a masatifiketi ndi maina a anthu atatu oti angamuchitire umboni. Zonse zifike Lachisanu isanakwane wani koloko. Pansi pake panali mawu amene ankamusowetsa mtendere: amene anagwirapo ntchito yotere adzakhala ndi mwayi waukulu.

Amayi ake, a Nabanda, ankamuyang'ana akupeta chimanga pakhonde.

"Iwe, ukuzungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Pita kwa amalume ako akakuthandize."

Amalume akewo, a Francisko, anagwirapo ukalaliki ku Nguludi kwa zaka zambiri asanapume. Anavala magalasi, n'kumulembera kalata m'Chingerezi chakale, yodzaza ndi kupepesa. Inkati iye ndi mwana wa mayi wamasiye, akugwada pamapazi a bwana, ndipo adzakhala wantchito womvera mpaka imfa.

"Malume, masiku ano salembanso choncho," anatero Idesi motsitsa mawu.

"Ntchito imapemphedwa, Idesi. Ine ndinalowa ndi kalata yotereyi."

Idesi anathokoza, n'kuipinda kalatayo. Ali m'njira anaiwerenganso ndipo anaona kuti mawu oti nandolo munalibemo ngakhale kamodzi.

Lachisanu analawirira. Anakwera kabaza mpaka kumsewu, n'kupeza minibasi yopita ku Zomba. Anatsika pa Namadzi cha m'ma naini, envulopu yakhaki ili m'manja, kalata mulibe. Pafupi ndi msika panali kasitolo ka a Lajabu, bambo wa ndevu zoyera amene ankataipa makalata ndi kuchita fotokope. Idesi anawafotokozera vuto lake.

"Ya anthu a nandolo aja? Musadandaule, chemwali. Ilipo kale mu kompyutamu. Dzina ndani?"

Anataipa dzina ndi keyala, makina analira, pepala linatuluka lofunda. Idesi anawerenga ali chiimire. Chingerezi chake chinali chosalala, choposa chimene iye akanatha kulemba. Koma ndime yachiwiri inkati iye anagwira ntchito yaulangizi zaka ziwiri ku bungwe lina la ku Mulanje.

"Bambo, ine ku Mulanje sindinagwireko."

"Aliyense amatero. Mukalemba kuti simunagwirepo, kalata yanu aiponya pansi osaimaliza n'komwe. Kodi inu mukufuna ntchito kapena mukufuna kulapa?"

Kumbuyo kwake kunali anthu atatu akudikira fotokope. Idesi anasaina pansi pa kalatayo, naiika mu envulopu, n'kutuluka. Sanaimate. Anayenda mumsika wonse osagula kanthu, kudutsa ogulitsa tomato, kubwerera, kudutsanso. Anaitulutsa kalata ija kawiri, n'kuibweza. Nthawi itapitirira leveni anadziuza kuti basi, zatha, akapereke.

Ofesiyo inali nyumba ya njerwa kuseri kwa chigayo. Pakhonde panali benchi, ndipo anthu asanu anakhalapo ndi maenvulopu awo, kudikira kuti alembedwe m'buku la olandira makalata. Mmodzi mwa iwo anali Silvesta, amene anali naye kalasi imodzi kukoleji.

"Aa, Idesi! Nawenso wabwera? Taona yanga, undiuze ngati ili bwino."

Idesi analandira pepalalo. Anawerenga ndime yoyamba, inali yofanana ndi yake. Yachiwiri: zaka ziwiri, ku Mulanje, bungwe lomwe lija. Ngakhale liwu limodzi lomwe zilembo zake zinasemphana m'kalata yake, muno linali losemphana chimodzimodzi.

"Wailembetsa kwa a Lajabu?"

"Wadziwa bwanji?"

Idesi anamupatsa yake. Silvesta anaziika pamodzi pa bondo, n'kuyamba kuseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Mtsikana wina amene anakhala kumapeto kwa benchi anasuzumira, kenaka anatsegula envulopu yake mwakachetechete, n'kuitsekanso.

"Ndiye kuti ku Mulanjeko tinali gulu ndithu," anatero Silvesta. "Ine ndipereka choncho. Mwina sawerenga zonse."

"Nanga sivi yako ikuti chiyani? Yanga ikuti ndamaliza sukulu chaka chatha. Zaka ziwirizo ndinazigwira liti?"

Silvesta anangokweza mapewa. Idesi ananyamuka n'kuyamba kuthamanga. Anaganiza zokawapempha a Lajabu kuti achotse ndime ija, aikepo ina. Atafika anapeza chitseko chili ndi loko. Mayi wogulitsa mandasi pafupi anamuuza kuti apita kumzikiti, lero Lachisanu, abwera cha m'ma thu.

Anaima pamenepo thukuta likutsika m'khosi. Pafoni nthawi inkati 12:10. Anaganiza zokwera minibasi n'kubwerera kwawo, akauze amayi kuti wapereka. Anafika mpaka pa siteji. Kondakitala atamugwira mkono, anauchotsa n'kutembenuka.

Ku ofesi kuja benchi linali litatsala lokha. M'kati munali mayi wonenepa wovala magalasi, amene pa tebulo pake panalembedwa kuti Bernadetta Makwinja. Ndiwo ankalandira makalata.

"Pepani mayi, kodi kalata yolemba pamanja mumalandira?"

"Chidziwitso chathu sichinakane. Bola iwerengeke. Yotaipa yatani?"

"Ili ndi zinthu zoti si zoona."

A Bernadetta anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ya ku Mulanje?"

Idesi anagwetsa nkhope.

"Sabata ino ndaziona khumi ndi imodzi," anatero mayiwo, akukoka mapepala awiri oyera m'dilowa. "Khalani apo. Ine sindingakulembereni, ndipo sindine wosankha. Tsamba limodzi lokha, ndipo pamutu muike nambala ya ntchitoyi monga ilili pa chidziwitso. Wani koloko ndikutseka buku."

Idesi anakhala pa benchi, envulopu pa bondo ngati tebulo. Keyala, tsiku, mutu ndi nambala. Ndime yoyamba: ntchito imene akufunsira ndi kumene anaiona. Kenaka anafika pamalo paja pomwe cholembera chinkaima masiku onsewa. Chigayo chinkalira kuseri. Anaimirira, n'kusuzumira pakhomo.

"Mayi, nanga munthu woti sanagwirepo ntchito amalemba chiyani?"

"Zaka zonsezi kusukulu munkangokhala? Kumudzi mumangokhala? Werengani zimene tikufuna, muone zimene munachitapo. Mphindi makumi atatu zatsala."

Anatsegula chidziwitso chija pafoni, n'kuwerenga mzere ndi mzere ntchito za mlangiziyo: kuphunzitsa alimi kasungidwe ka mbewu, kuyendera minda, kulemba malipoti, kulankhula zilankhulo za m'deralo. Masiku onse aja maso ake ankathamangira mzere wapansi wokha.

Anayamba kulemba mofulumira. Analemba kuti sanalembedwepo ntchito, koma ali chaka chomaliza anakhala miyezi itatu pa atachimenti, akuyenda ndi mlangizi wa boma m'makalabu asanu ndi imodzi, ndipo lipoti la sabata iliyonse ankalemba ndi iye. Analemba za kafukufuku wake womalizira sukulu, pamene anasunga nandolo m'matumba wamba ndi m'matumba osalowa mpweya kwa miyezi inayi, n'kumawerenga anankafumbwe mwezi uliwonse. Analemba kuti atabwerera kumudzi anaonetsa njirayo kwa amayi khumi ndi anayi a m'kalabu ya amayi ake, ndipo asanu ndi anayi akuitsatira mpaka pano. Anawonjeza kuti amalankhula Chinyanja ndi Chilomwe, Chiyao amamva, ndipo njinga amapalasa mtunda wautali.

Pa liwu lina analakwitsa. Anayang'ana nthawi, n'kutenga pepala lachiwiri, kuyambiranso mwaukhondo. Anamaliza ndi kunena kuti waikamo sivi ndi makope a masatifiketi, ndipo ndi wokonzeka kubwera ku intaviyu tsiku lililonse. Anasaina, n'kulemba dzina lake ndi nambala ya foni pansi pa siginecha.

A Bernadetta anaona ngati mapepala onse alimo, n'kumulozera pomwe asaine m'buku. Kalatayo sanaiyamikire kapena kuinyoza. Kunali kutatsala mphindi zinayi.

Masabata awiri otsatira Idesi sanakhazikike. Foni ankapita nayo kumunda, kumjigo, ngakhale kubafa. Ikalira ankalumpha, n'kupeza ndi uthenga wa kampani ya mafoni. Usiku wina anakumbukira kuti mwina sanaike mpumiro penapake, ndipo zinamuvutitsa mpaka m'mawa. A Francisko atamva kuti anapereka kalata yapamanja anapukusa mutu, n'kunena kuti ana amakono samva.

Foni inalira Lachiwiri masana, iye akuthyola nandolo. Anaitanidwa ku intaviyu pamodzi ndi anthu ena anayi. Silvesta sanali m'gulumo.

M'chipinda cha intaviyu munali anthu atatu ofunsa mafunso. Bambo wapakati anali ndi kalata yake ija m'manja, atadula mizere pansi pa mawu ena.

"Mwalemba kuti amayi asanu ndi anayi akutsatira njira yanu. Nanga asanu enawo anasiyiranji?"

"Atatu anati matumbawo ndi odula, bwana. Mmodzi makoswe anamubowolera thumba, ndiye anakhumudwa. Winayo anaika nandolo asanaume bwino, anachita nkhungu. Pamenepo cholakwa chinali changa, sindinawafotokozere mokwanira za kuumitsa."

Bamboyo analemba kanthu pambali pa pepala. Mafunso ena onse anachokera m'kalata momwemo, ndipo Idesi anayankha zimene ankadziwa. Pomwe sankadziwa ananena kuti sakudziwa.

Ntchito ya ulangizi sanaipeze. Inapita kwa bambo wina wa ku Thyolo amene anagwirapo zaka zisanu. Atamva, Idesi anakhala kuseri kwa nyumba nthawi yaitali. Koma Lachisanu la sabata yomweyo a Bernadetta anamuimbira foni. Bungwelo linkafuna munthu wa miyezi itatu yokha, woti ayendere makalabu a cha ku Mbulumbuzi nthawi yokolola n'kuwaphunzitsa kasungidwe. Malipiro anali ochepa, koma njinga yoyendera inali ya bungwe.

"Muganizire kaye, mundiyankhe Lolemba," anatero mayiwo.

"Ayi mayi, ndavomera kale. Ndibwere nthawi yanji?"

"Lolemba lomwelo, hafu seveni. Mubwere ndi chiphaso chanu cha unzika, ndiponso nsapato zoyendera m'munda."