Pensulo ya M'mphepete mwa Mbiri ya Mayi Easter

Tracy Kalinde ankataipira anthu makalata m'kachipinda kakuseri kwa sitolo pa Boma la Chiradzulu, ndipo sankakhulupirira munthu wobwera ndi fotokope. Munthu amene ali ndi pepala lenileni, n'kukwera minibasi mpaka ku Limbe kukalijambulitsa, ndiye kuti pali chimene akufuna kuti chitsale m'makinamo.

Choncho a Gregorio Maluwa a ku Mbulumbuzi atayala fotokope yawo patebulo, iye sanaigwire n'komwe.

"Iyi ndi mbiri ya malemu mayi athu, a Easter," anatero a Gregorio. "Ankanena okha mu 1995, ine n'kumalemba, poti iwo sukulu sanaidziwe. Loweruka tikudalitsa chiliza chawo, ndiye ndikaiwerenga pamandapo. Mungotaipa bwinobwino."

"Nanga mithunzi ili m'mphepetemuyi ndi chiyani?"

"Zoipitsa chabe. Musazilabadire."

"Bambo, ndibweretsereni mapepala enieniwo. Makina aja inki amaiona, koma pensulo amaimeza."

Bamboyo anapukusa mutu, nang'ung'udza za akazi a masiku ano. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa mapepala enieniwo. Anali nawo nthawi yonseyi. Tracy anazisunga mumtima.

Anali mapepala a mizere, olembedwa ndi bolopeni yabuluu, zilembo zopendekera mwaulemu ngati za munthu amene wakhala mlembi wa tchalitchi zaka zambiri. Koma m'mphepete monse munali pensulo yokhotakhota, yosindikizidwa mwamphamvu mpaka kutulukira kuseri. Patsamba lachisanu ndi chimodzi, pamene bolopeni inati "Mulungu anandipatsa ana atatu," pensulo inadula mzere pa "atatu" n'kulemba pamwamba pake "anayi". Pambuyo pa mayina a Gregorio, Edwin ndi Aubrey panali kamuvi koloza m'mwamba, ndipo pamenepo panafinyikizidwa dzina lina: Latifa.

"Mwaona?" anatero a Gregorio. "Ameneyu ndi mlongo wanga. Tinkamutchula Lydia. Anakwatiwa ndi Msilamu wa ku Kadewere, n'kusiya mpingo, n'kusiya dzina la ubatizo. Mayi atadwala anabwera kudzawasamalira, mapepalawa ali m'sutikesi kuchipinda komweko. Ndani winanso akanalembamo? Mayi ankasaina ndi chala. Ndiye inu taipani za buluu zokha."

Apa m'pamene panali vuto. Tracy anaphunzira ntchito ku Zomba, kumene anatha zaka akutaipa mabuku akale a mamishoni kwa mphunzitsi wina wa mbiri yakale. Lamulo la kumeneko linali limodzi: chili papepala chioneke, wotaipa si woweruza. Mawu odulidwa umawataipa ndithu, kenako n'kubweza makina n'kudutsitsa timizere pamwamba pake kuti awerengekebe. Mawu olowetsedwa umawaika m'mabulaketi pamalo pamene kamuvi kakuloza. Za m'mphepete zimapita pansi pa tsamba, ndipo umanena mbali imene zinali, moyang'anana ndi mzere uti, ndi chimene analembera. Dzanja likasintha umanena kuti lasintha. Dzina la mwini dzanjalo sulemba ngati sunamuone akulemba.

"Ndiyamba ndataipa zonse monga zilili," anatero Tracy. "Kenako ndidzakutaipirani yoyera yokawerenga. Koma yoyerayo idzachokera pa yoyambayo, inuyo mutaiona."

"Ntchito iwiri ya chiyani?"

"Kuti mawa wina asadzati Tracy anabisa kanthu. Boma lino ndi laling'ono."

A Gregorio anachoka mosakondwa, atalonjeza kubwera Lachinayi.

Tracy anakokera tebulo pawindo. Pensulo yofooka imafuna kuwala kobwera cham'mbali, ndiye ankapendeketsa tsamba lililonse mpaka timikwasa ta zilembo titaoneka. Pa "anayi" paja anapeza china. Pepala linali litanyuka, tiubweya tatuluka. Wina anayesa kufufuta ndi labala, koma pensulo inali italowa kwambiri. Analemba zimenezonso pansi pa tsamba. Ndiye kuti manja amene anagwira pepalali anali atatu, lachitatulo losalemba kanthu.

Tsamba loyamba linamutopetsa. M'mphepete mwake munalibe mawu, koma mizere ya "a" ndi "e", ina yogona, ina yoyang'ana kumbuyo. Anafuna kungolemba kuti "zokhwatchakhwatcha", koma chizolowezi ndi matenda. Anazitaipa monga zinalili, n'kunena kuti "e" zinayi n'zotembenuka.

Lachitatu kunabwera mayi wamtali wofunda mpango mpaka m'khosi. Anaima pakhomo osalowa.

"Ndine Latifa. Ndamva kuti mapepala a mayi anga ali kuno."

Tracy anavindikira mapepalawo ndi katoni. "Amene anabweretsa ndi amene angakuonetseni."

"Achimwene andinena pamaso pa amalume kuti ndinalembamo. Ine mapepalawo sindinawaonepo. Ndinamva chabe kuti Loweruka akawerenga ana atatu, ine ndili chiimire pomwepo, amuna anga ali pomwepo, ana anga akumva." Anakonza mpango wake. "Mayi ndinawasambitsa ndine mpaka tsiku lomaliza. Sindikufuna munda kapena mbale. Ndikufuna anditchule basi."

Tracy anamumvera chisoni, koma chisoni si umboni. Munthu wophunzira angathe kukhotetsa zilembo dala, mwina kulemba ndi dzanja lamanzere. Komanso mayiyu anadziwa bwanji msanga chonchi kuti mapepala ali kwa iye?

"Munalekeza kalasi yanji?" anafunsa.

"Fomu 2. Bwanji? Inunso mukundiganizira?"

"Ine ndimaganizira aliyense. Bwerani mawa, achimwene anu akabwera. Akalola, mudzaona."

Madzulo ake anapitiriza. Patsamba lachiwiri zilembo zinayamba kugwirana: "ma, me, mi". Pachitatu panali "Esita" katatu, komaliza kowongoka. Pachinayi pensulo inakonza dzina la phiri la ku Mozambique kumene makolo a mayi Easter anachokera. Tracy anaima kaye. Wonama angadule mawu amodzi, inde. Koma ndi wonama wanji amene angataye nthawi yake kukonza dzina la phiri? Sanalembe maganizo amenewo, chifukwa malo ake panalibe.

Atabwerera patsamba lachisanu ndi chimodzi anapeza kuti mapepala anamangidwa ndi pini pakona, ndipo m'mphepete mwa kumanzere munapindikira mkati. Anachotsa pini, n'kutambasula. Munali mizere iwiri ya pensulo yolembedwa chotsika, yofooka kuposa ina yonse. Pafotokope paja sinaoneke n'komwe. Mawu amodzi anamuvuta, ndiye anawaika m'mabulaketi ndi chizindikiro chofunsa. Enawo anawataipa momwe analili, osakonza.

Lachinayi a Gregorio anapeza mlongo wawo atakhala pabenchi panja. Sanapatsane moni.

"Mwaitana anthu pa ntchito yanga?" a Gregorio anafunsa Tracy.

"Benchi ndi la sitolo. Mukafuna akhala panja pomwepo."

"Alowe. Aone manyazi ake atataipidwa."

Latifa analowa n'kuima pakhoma. A Gregorio anavala magalasi, nayamba tsamba loyamba.

"Izi ndiye chiyani? A, a, a, e, e. Mwataipa ndi za ana zomwe?"

"Zili papepala."

Anatembenuza. Ma, me, mi. Anatembenuzanso. Esita, Esita, Esita. Papepala lenileni zinthuzi zinali zomwazikana ngati mapazi a nkhuku, ndipo iwo anali asanaziwerengepo, ankangoziona ndi mkwiyo. Koma zitataipidwa, tsamba ndi tsamba, zinkayenda molunjika kwinakwake. Dzanja lawo linayamba kuchedwa potembenuza.

"Wachenjera," anatero, osayang'ana mlongo wawo. "Wachita kuyerekezera munthu wophunzira kumene."

"Achimwene, ine..."

"Khala chete."

Anafika patsamba lachisanu ndi chimodzi. "Atatu" anali pomwepo ndi timizere take. "Anayi" m'mabulaketi. Atawerenga za labala anakhosomola, koma sanatsutse. Kenako maso awo anatsikira pansi, pamene Tracy analemba kuti: m'mphepete kumanzere, chotsika, moyang'anana ndi mzere wa mayina, pensulo, dzanja lachiwiri. Pansi pake panali mawuwo:

"giligoliyo ine ndinati anayi. iwe powelenga unatinso anayi. pansi pa [mpeyala?]."



"Mawu omalizawo sindikutsimikiza," anatero Tracy. "Mwina ndi mpeyala, mwina ndi china. N'chifukwa chake ndaika chizindikiro."

"Ndi mpeyala," anatero a Gregorio, mawu atatsika.

Anavula magalasi. Tsiku limenelo analikumbukira bwino. Anali awiri okha kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, mayi awo akusola nandolo m'lichero. Mayi anati ana ndi anayi. Iwo, mtima uli wowawa ndi ukwati wa mlongo wawo, analemba atatu. Mayi atawauza kuti awerenge zimene alemba, iwo anawerenga kuti anayi, n'kutchula ndi dzina lomwe, poganiza kuti munthu wosaina ndi chala sadzadziwa mpaka kalekale. Sanauzepo munthu, ngakhale akazi awo.

"Lachitatu lililonse masana mayi ankati akupita kukaona anzawo ku mphakati wa tchalitchi," anatero pang'onopang'ono. "Kuja kusukulu ya pulaimale kunali sukulu ya kwacha, yophunzitsa akuluakulu kulemba, Lachitatu. Ine ndimadutsa pomwepo panjinga, osasuzumira n'komwe."

"Ndiye mayi ankalemba?" anafunsa Latifa.

"Sanandikhulupirire. Anapita kukakhala pabenchi la ana ndi imvi zawo, kuti adzaone okha zimene mwana wawo analemba." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ndipo ataona sanandifunse. Zaka zonsezo ndimadya m'mbale mwawo."

Latifa anasendera patebulo. Sanagwire zotaipazo. Anatenga pepala lenileni, n'kuyendetsa chala kuseri kwake, pamene pensulo inatulukira. Anapeza dzina lake, lija la ku Kadewere osati la ubatizo, ndipo anayamba kulira mosabisa.

Tracy anadikira pang'ono, kenako analowetsa pepala latsopano m'makina.

"Yokawerenga Loweruka ija," anatero. "Pamene manja awiriwa asiyana, nditsate liti?"

A Gregorio anayang'ana zilembo zawo zokongola zabuluu.

"Tsatani pensulo," anatero. "Mwini mbiri ndi ameneyo. Winayo anali mlembi chabe."