Tisheti ya bambo pa kalendala

Kalata ija ndinailemba katatu. Ziwiri ndinang'amba, pakuti ine ndikapsa mtima cholembera chimathamanga kuposa nzeru. Yachitatu inali yaifupi:

"A Linus, osindikiza, pa Boma. Pa pulufu ya kalendala ya kalabu yathu ya alimi a nyemba ku Lobi, chotsani logo ya khasu ili pakona yakumanja m'mwamba, muikepo ya dzuwa imene takutumizirani. Musasinthe china chilichonse: mawu, masiku, mitundu, ngakhale chithunzi. Ine Filomena Zikhalo, mlembi."

Pansi pa mawu akuti "ngakhale chithunzi" ndinadula mzere mpaka pepala kubooka.

Nkhani yake inali yotere. Bungwe la khasu, limene linatiphunzitsa kuchulukitsa mbewu, linatseka pulojekiti, ndipo la dzuwa linalowa m'malo. Apo n'kuti pulufu, pepala loyesera lija amakuonetsa asanasindikize zambiri, komiti itaivomereza kale. Pakati pa kalendalayo panali bambo anga, a Gerevazio, amene anayambitsa kalabu, ataima m'munda atavala tisheti yakale yokhala ndi khasu lomwelo pachifuwa. Bambowo tinawaika m'manda mu Okutobala. Foni imene inawajambula inabedwa pamsika, ndiye chithunzi chawo china kunalibe.

A Dennis, mlangizi wa bungwe latsopano, anati za tishetiyo akulu awo sangalole.

"Mayi, logo yakale isaoneke paliponse. Mukakakamira, mbewu ya chaka chamawa musaitengere kwathu."

Komiti inakana kuchotsa mwini kalabu pa kalendala yake. Koma kukana kwa pansi pa mtengo n'kosavuta. Wosaina ndinali ine.

Kalata inapita Lolemba. Lachiwiri a Linus anaimba kuti logo yafika yosaoneka bwino, WhatsApp yaifinya, nditumizenso ngati dokyumenti. Ndinakwera chulu cha kuseri kwa tchalitchi kusaka netiweki, mphepo ikundimenya m'makutu. Lachitatu zii. Ndinapita kukapalira, ndinazula nyemba m'malo mwa udzu. Lachinayi ndinamva kwa apampando kuti a Dennis nawonso aimbira a Linus. Mtima unakana kukhala pansi. Lachisanu ndinakwera njinga yamoto mpaka ku M1, kenako minibasi.

Shopu ya a Linus ndi kachipinda konunkha inki. Iwo ndi munthu wofatsa, wa mtundu uja umakupsetsa mtima iwe ukafulumira. Anapukuta manja, nayala mapepala awiri patebulo.

"Iyi ndi ya kalata yanu, mayi. Iyi ndi ya foni ya a Dennis. Ine sindisindikiza za pafoni. Imene musaine ndi imene ilowe m'makina, ndipo ikalowa kulibenso kubweza."

Ndinayamba ndi ya a Dennis. Kunena zoona, a Linus ndi katswiri. Bambo anali pomwepo, munda womwewo, kumwetulira komweko kwa mano atatu. Tisheti yokha ndiyo anaichapa pakompyuta: khasu kulibe, yobiriwira bwino ngati yochokera m'pepala lero.

"Mukuona? Aliyense akondwa," anatero a Linus. "Ndakonzanso apa pakhosi, panali pong'ambika."

Ndinatsala pang'ono kusaina. Walira mvula walira matope: bungwe tinkalifuna, ndipo anthu makumi anayi a m'kalabu sadya chithunzi. Koma maso anga anakakamira pakhosi paja. Sipanali pong'ambika. Panali posoka. Amayi anasoka ndi ulusi wofiira chifukwa wobiriwira kunalibe, ndipo bambo ankawaseka kuti awaika chizindikiro ngati mbuzi. Anakana kuitaya tisheti imeneyo zaka zisanu ndi ziwiri.

Ndinatulutsa pulufu yakale m'chikwama, n'kuisanjika pa ija ya kalata yanga, n'kukweza zonse ziwiri pawindo. Kuwala kunadutsa. Januwale anagona pa Januwale, dzina pa dzina, nkhope pa nkhope. Pakona pokha ndi pamene khasu ndi dzuwa zinkalimbana.

"Akakana a bungwe?" anafunsa a Linus.

"Akakana akana. Ndikawayankha ndine."

Ndinasaina ya kalata yanga. Ndinkaopa, sindibisa.

Makalendala atatuluka, a Dennis anatenga imodzi, naiyang'ana nthawi yaitali, nati ku ofesi kwawo sikapachikidwa. Za mbewu ya chaka chamawa sanayankhebe mpaka lero, ndipo ena m'kalabu moni wawo wafupika.

Ya kunyumba ndinaikhoma pakhoma ndi msomali. Amayi sadziwa kuwerenga, ndiye miyezi ndi ma logo sanazilabadire. Anasendera pafupi, naika chala pakhosi pa tisheti, n'kutsata ulusi uja pang'onopang'ono.

"Sunamasuke," anatero. "Ndinawauza kuti sumasuka."