Pepani wa Wakuba

Ine sindine munthu wopusitsidwa wamba, ndinene zimenezo poyamba. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili pa makina osokera, ndipo kasitomala akamanama kuti m'chiuno sanakule ndimamuona asanavule n'jekete lomwe. Koma Lachiwiri lija anandigwira ngati nkhuku yolumala, ndi mawu amodzi okha.

Mwana wanga wamkazi, amene kunyumba timamutchula Kadona, tinali tisakuyankhulana chaka ndi miyezi isanu. Nkhani yake ndi diresi. Ndinamusokera diresi la ukwati milungu isanu ndi umodzi, mikanda ndikulowetsa pamanja umodziumodzi mpaka maso kuwawa. Iye, kutatsala masiku anayi, anakagula lina m'sitolo, lomata ndi guluu, akuti langa linali lachikale. Ndinamuuza pamaso pa apongozi ake kuti wavala katani. Iye anati ndisadzapondenso pakhomo pake. Ine ndinalumbira kuti sindidzamuimbira mpaka atanena yekha kuti pepani. Diresi langalo likadali pa hang'ala kuseri kwa chitseko cha shopu, m'pulasitiki.

Ndiye Lachiwirilo, ndikupinda mpendero wa siketi, mapini ali kukamwa, foni inalira. Uthenga wa SMS, wa Chingerezi, uli ndi manambala asanu ndi imodzi. Sindinausamale. Kenaka inaliranso, pa WhatsApp. Chithunzi cha Kadona, nambala ya Kadona.

"Pepani amayi. Ndimakonza foni yanga ndiye ndalakwitsa, khodi yanga yapita ku nambala yanu. Munditumizireko msanga."

Abale inu! Ine ndinawerenga mawu awiri oyambawo basi. Ndinathawira m'kachipinda koyesera zovala, n'kutseka katani kuti Bambo Zipi, telala mnzanga amene timagawana naye shopu, asandione ndikulira. Ndinadina batani lojambula mawu n'kuyamba kukhuthula. Ndinati nanenso ndinalakwa, pakamwa panga m'poipa, za katani zija ndinanena chifukwa cha kupweteka mtima. Ndinati ndimamusowa. Mphindi zinayi zathunthu, mamina ali chuchuchu.

Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu. Wamva.

"Chabwino amayi. Nanga khodi ija?"

Ndinaseka ndekha, ndikuti mwana uyu n'chimodzimodzi bambo ake, sadziwa kuyankha za mumtima. Ndinakopera manambala aja n'kutumiza.

Ndinabwerera pa makina ndikuimba nyimbo. Bambo Zipi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Mayi Telala, lero mwatola chiyani? Mwamwetulira kawiri, ndawerenga."

"Sokani buluku lanulo, lakhota."

Sipanathe ola, mng'ono wanga anaimba, pa foni wamba.

"Achemwali, muli m'chipatala chiti?"

"Chipatala cha chiyani? Ndili pa makina!"

"Nanga mwandilembera bwanji kuti mwagwa pa njinga yamoto, ndikutumizireni ndalama pa nambala ya adokotala?"

Ndinatsegula WhatsApp. Yanditulutsa. Ikuti nambala yanga yalembetsedwa pa foni ina. Foni iti? Ya ndani? Ndinaigwedeza, ndinaizimitsa, ndinaiyatsa, ndinaitukwana. Bambo Zipi anailanda ndisanaimenyetse pansi, n'kutsegula SMS ija.

"Mayi, apa pansi alemba kuti musapatse munthu aliyense khodi imeneyi. Simunaone?"

"Kadona si munthu aliyense!"

"Ameneyo sanali Kadona."

Anafotokoza pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana kulowetsa ulusi mu singano, zomwe zinandikwiyitsa kwambiri. Akuti wakubayo analemba nambala yanga pa foni yake, WhatsApp n'kutumiza khodi kwa mwini nambala, ineyo. Khodiyo inali kiyi wa chitseko changa, osati cha Kadona. Ndipo popeza anali atamubera kale Kadona mwanjira yomweyo, anabwera kwa ine atavala nkhope yake.

"Ndiye nambala yanga anaidziwa bwanji?"

"Simuli pa gulu limodzi la banja?"

Tilipodi. Kadona sanatuluke, inenso sindinatuluke, aliyense kudikira kuti atuluke ndi mnzake.

Mng'ono wanga anaimbanso. "Achemwali, inenso unandipeza m'mawa uthengawo, wa Kadona. 'Pepani amayi, ndalakwitsa khodi.' Ndinadabwa, ine amanditchula anti. Ndinaimbira mwamuna wake, akuti anamubera dzulo."

Apo ndiye pamene panandilasa. Pepani amene ndinamudikira chaka ndi miyezi isanu, wakubayo anamutumizira gulu lonse. Ndi amayi aja sanali ine, anali mayi aliyense wooneka wamkulu pa chithunzi. Kadona chibadwire sananditchulepo amayi. Amati Mama. Ine mayi wake ndinaziphonya zimenezo!

Bambo Zipi analembetsanso nambala yanga pa foni yanga. Khodi yatsopano inabwera, tinailowetsa. Ndinati eya, tabwerera. Ayi ndithu, inafunsa PIN.

"PIN yanu ndi chiyani?"

"Ndilibe PIN ine."

"Ndiye waika iyeyo. Mukanaika yanu kale, bwenzi khodi yokha isanamukwanire."

"Mukundiuza lero? Zaka zonsezi mumandiuza za mpira!"

Akuti khodi yatsopanoyo yamutulutsa wakubayo, salembanso m'dzina langa, koma inenso sindilowa mpaka masiku asanu ndi awiri. Tangoganizani, nyumba yako yomwe, wakuba wachoka koma wasiya loko wake pachitseko.

Masana onse ndinakhalira kuimbira makasitomala. Sindinagwe pa njinga. Musatumize kalikonse. Khodi ikabwera musapatse munthu, ngakhale atakhala ine. Mmodzi anati, "Inu Mayi Telala, ochenjera ngati inu?" Ndinamuuza kuti abwere atenge nsalu yake akasoketse kwa ochenjera.

Koma chimene chimandidya si makasitomala. Ndi mphindi zinayi zija. Munthu wina amene sindimudziwa, mwina akutokosa m'mano, anamva ine ndikulira, n'kuyankha kuti nanga khodi ija. Ngati anamvetsera n'komwe. Ndipo Kadona sanamve kanthu. Kwa iye ine ndikadali mayi uja wa katani.

"Kodi mawu aja sangatumizidwenso?" ndinafunsa.

"Mawu ati?" anatero Bambo Zipi.

"Palibe."

Iwo anapinda buluku lawo, n'kunena kuti akukagula mabatani. Mabatani tili nawo botolo lodzaza.

Ndinakhala ndikuyang'ana foni. Ndinadziuza kuti ndikungomuchenjeza basi, lumbiro langa silikukhudzidwa. Ndinaimbira Kadona, inaitana kanayi.

"Halo? Mama?"

"Anthu ako aja andibera nanenso."

"Anti andiuza. Koma Mama, inuyo? Munthu wowerenga risiti kawiri? Munatumiziranji?"

"Munali pepani," ndinatero mokalipa. "Uthengawo unayamba ndi pepani."

Ndimamva mpopi ukutuluka madzi kwawoko, kenaka anautseka.

"Sindinalembe ine."

"Ndikudziwa! Ukuyesa sindikudziwa?"

"Ndiye munayankha chiyani?"

"Zambiri. Mphindi zinayi."

"Ine sindinazimve."

"Zinapita kwa wakuba."

"Ndili pa foni pano, Mama."

Haa, mwana uyu! Sanathandizeko ngakhale pang'ono. M'kachipinda muja mawu amangotuluka okha, chifukwa ndimayesa wayamba ndi iye. Tsopano panalibe woyamba. Ndinayang'ana kuseri kwa chitseko, diresi lili m'pulasitiki mwake, fumbi lili pamapewa.

"Mayunitsi anu akutha," anatero.

"Asiye athe," ndinatero. Ndinakhala pansi pa mpando wa makina. "Kadona. Pepa, mwana wanga."