Bambo Dzala Akufuna Banja

Masiku aja anthu a m'malayini ankangonong'onezana nkhani imodzi, yakuti Mtengwa wa pa khomo nambala naini amuthamangitsa mwezi ukatha. Kumpopi inali yomweyo, pamzere wa kubafa yomweyo. Ena akuti a Landilodi amupatsa kale kalata, ena akuti anangomuuza pakamwa ataima pakhomo, manja ali m'thumba. Chifukwa chake aliyense ankachidziwa, eti ndiye wauve amene wakulitsa dzala la kuseri kwa mpopi.

Amene sankanong'oneza nawo anali Achitsache okha. Mayi amenewa amasesa kumsika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'chifukwa chake anawapatsa dzinalo. Khomo lawo ndi lakumapeto, nambala twente, ndipo windo lawo limayang'anizana ndi dzalalo maso ndi maso. Tangoganizani, tsiku lonse kusesa zinyalala za anthu, n'kubwera kunyumba msana ukuwawa, kudzapeza zinyalala zina zikukudikirirani pawindo. Windolo anasiya kulitsegula chaka chatha.

Nkhani inayamba Loweruka lina. Achitsache anakhala pampando atabviika mapazi m'beseni, n'kulemba papepala mawu akuluakulu: ANTHU AUVE INU, MULIBE MANYAZI? Mng'ono wawo, amene amatayipa pashopu ya fotokope ndipo onse amangomuti Kiyibodi, anasuzumira n'kuyasamula.

"Achemwali, chikalata chimenecho ndi chachingati?"

"Chachinayi."

"Zitatu zija zili kuti?"

"Zili pansi pa dzala," anayankha Achitsache osadzutsa mutu.

Kiyibodi anawalanda cholembera. "Munthu ukamutukwana amatseka makutu. Akawerenga kuti auve, amati akunena aneba. Muwayamikire."

"Ndiwayamikire chiyani, fungoli?"

"Eya. Muziyankhula ngati mukusangalala nalo. Mutenge chinthu choona, muchidyetse mpaka chinenepe, chisathenso kulowa pakhomo. Dzalalo linayamba bwanji?"

"Khoko limodzi la nthochi. Ndinaliona ndi maso angawa."

"Ndiye kuti linabadwa. Chobadwa chimakula. Chikakula chimafuna chiyani?"

Achitsache anaganiza pang'ono. "Banja."

Anaseka koyamba mwezi umenewo, kuseka kotopa kotulukira m'mphuno. Kenaka mawu anayamba kubwera okha. Achitsache ankafuna kuika "hahaha" kumapeto, Kiyibodi anakana. Akuti nthabwala ikadziseka yokha yafa. Iyenera kuvala jekete ndi tayi, nkhope ili gwa, ngati chidziwitso chenicheni chochokera ku ofesi. Achitsache ananena kuti alembe kuti makoswe ake ndi aakulu ngati amphaka, Kiyibodi anapukusa mutu.

"Zimenezo wina akhoza kukhulupirira, n'kumangoti zoona, ndinamuona mmodzi. Bodza lake likhale lalikulu loti ngakhale mwana aone kuti ndi bodza. Akaona kuti ndi bodza, amayamba kufunafuna choona chimene chabisala mkatimo."

Lolemba Kiyibodi anabwera nalo lotayipa bwinobwino, ndipo analimata pakhoma la mpopi. Linkati:

"CHIDZIWITSO. Tikudziwitsa onse kuti Bambo Dzala, amene anabadwira kuseri kwa mpopi uno zaka zitatu zapitazo ali kakhoko ka nthochi, tsopano akula ndipo akufuna banja. Ndi aatali kuposa denga la bafa. Ntchentche zawo zatsegula sukulu, ndipo makoswe awo amapita kuntchito ndi ambulera. Fungo lawo linakwera basi dzulo osalipira, kondakitala n'kulipatsa mpando wakutsogolo. Tikuthokoza onse amene amadzimana kuti bambowa asagone ndi njala, makamaka chidebe chofiira chopanda chogwirira, chimene sichijomba, ndipo chimawabweretsera matewera katatu patsiku."

Mzere womaliza uja Achitsache sanaulembe. Anauonjezera Kiyibodi ali pamakina, akuti pepalalo linkasowa mchere, pankafunika kanthu kamodzi kooneka ndi maso. Achitsache anauona, anafuna kuufufuta, koma miyendo inali italema ndipo ankachedwa kuntchito. Anangoti basi, zilibe kanthu.

Anthu anaseka, osanama. Azimayi anasiya zidebe zikusefukira. A Telala a pa nambala foro anawerenga mokweza katatu, mawu atawakulitsa ngati a pawailesi. Za makoswe a ambulera palibe anakhulupirira, ndipo n'zimene zinkafunika. Koma atafika pa chidebe chofiira, mitu yonse inatembenukira ku nambala naini.

Pajatu m'malayinimo muli kachitidwe kake. Aliyense amataya zinyalala padzalapo, koma amataya m'mamawa kusanayere bwino, chidebe atachiphimba ndi nsalu, akuyenda ngati akupita kubafa. Ukakumana ndi mnzako mumapatsana moni mukuyang'ana kumwamba. Mtengwa yekha ndi amene sankadziwa lamuloli. Anabwera chaka chatha atangokwatiwa ndi dalaivala wa mathiraki amene amakhala miyezi osaoneka, ndipo dzina la Mtengwa linamukanirira ngakhale ali ndi khanda kumsana. Iye ankataya masana dzuwa lili pamutu, kamodzi patsiku, n'kumapereka moni kwa aliyense. Chidebe chake chokha ndi chimene anthu ankachidziwa mtundu.

Ndipo katatu patsiku si bodza lalikulu ayi. Ndi kabodza kakang'ono kokwana m'kamwa. Pofika Lachitatu anthu ankalumbira kuti anamuona kanayi. Ana anayamba kumuitana kuti Mayi Dzala. Wina anajambula ambulera ndi khala pachitseko chake. Lachisanu a Landilodi anabwera, anawerenga pepala, anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kupita pa nambala naini kukanena kuti mwezi ukatha asamuke, malo awo si a anthu auve.

Achitsache anakumana naye kumpopi Loweruka. Mtengwa anali atagula chidebe china chobiriwira, koma zinathandiza chiyani. Maso anali otupa, khanda likulira kumsana.

"Mwaswera, amayi," anatero motsitsa mawu. "Kumsika kwanuko simunamveko za nyumba yotsika mtengo? Bambo a mwanayu sakuyankha foni, ali kutali."

"Ndifunsa," anatero Achitsache, akuyang'ana madzi.

"Amene analemba uja ndi wanzeru ndithu. Inenso ndinaseka za makoswezo. Ndinaseka mpaka ndinafika pamzere womaliza."

Achitsache anasenza chidebe chawo chisanadzaze n'komwe.

Kunyumba anapeza Kiyibodi akupaka utoto zikhadabo.

"Iwe, mchere wako uja wapha ndiwo."

"Ine ndinangotchula chidebe, sindinatchule munthu."

"Chidebe chili ndi mwini. Tinkafuna kumenya khalidwe, tamenya mwana wa eni ake. Ndipo onse aja akuseka chifukwa tawapatsa pothawira. Aliyense wasamba m'manja pamsana pa Mtengwa."

Kiyibodi anauzira zikhadabo zake. "Ndiye mukaulule kuti ndinu."

"Ndikaulula adzangoti Achitsache amadana ndi Mtengwa. Nkhani idzakhala ya anthu awiri, dzala lili phee. Bweretsa cholembera."

Ulendo uno Achitsache sanafunse nzeru kwa munthu. Zaka zitatu pawindo lija, ngakhale lotseka, katani ili ndi kabowo. Ankadziwa chidebe cha khomo lililonse. Ankadziwanso chawo, chifukwa masiku amene msana wakana, nawonso ankangotsanulira pomwepo, poti bini ya kumsewu ili kutali. Chimenecho ndi chimene chinawatengera nthawi kulemba. Kiyibodi anatayipa osaonjezera ngakhale kadontho, ndipo Lolemba pakhoma panali pepala latsopano:

"KUKONZA CHOLAKWA. Bambo Dzala akwiya kwambiri kumva kuti ulemu wonse wowalera wapita kwa chidebe chimodzi, chimene chinabwera chaka chatha iwo ali kale ndi ndevu. Akuti mwana wa anthu onse sangalandidwe ndi mlendo. Makolo awo enieni ndife: chidebe chakuda cha pa nambala twente, chimene chimadandaula za fungo chikuthira, thumba la zidutswa za nsalu la pa nambala foro, beseni losweka la pa nambala seveni, limene limapemphera popita." Unapitirira choncho mndandandawo, khomo ndi khomo, osasiya ngakhale limodzi. Kumapeto kwake kunali mawu akuti: "Tonsefe timadzuka tambala asanatsuke m'kamwa, chifukwa ntchito yabwino sifuna mboni. Tikuthokozanso agogo awo a Bambo Dzala, eni malo ano, amene analonjeza bini zaka zitatu zapitazo. Biniyo ikubwera wapansi kuchokera kumwezi, ndipo tamva kuti yapuma kaye panjira. Pakadali pano athamangitsa munthu mmodzi, kuti chakudya cha mdzukulu wawo chichepe ndi supuni imodzi."

Kuseka kwa tsiku limenelo kunali kwina. Munthu ankayamba kuseka pa khomo la mnzake, chala chikutsika pamndandanda, kenaka n'kufika pa lake, kuseka n'kuthera pakhosi. A Telala sanawerenge mokweza. Mayi a pa nambala seveni anati wolembayo ndi mfiti, amaona bwanji kusanache. Koma sakanatha kukwiya mokweza, chifukwa kukwiya kunali kuvomera kuti beseni ndi lawo. Ndipo palibe akanaloza mnzake chala, poti onse anali papepala limodzi.

A Landilodi anafika masana. Anawerenga mpaka pansi, n'kubwereranso pa bini yochokera kumwezi. Azimayi awiri kumpopi anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. A Landilodi anang'amba pepalalo, analipinda, anayang'ana uku ndi uku posowa poliponya, n'kuliika m'thumba. Podutsa pa nambala naini anangoti, "Zija tinakamba zija, zisiyeni kaye," osaima n'komwe.

Ndiye Mtengwa sanasamuke. Koma si wopusa. Anawerenga mndandanda uja a Landilodi asanaung'ambe, ndipo anaona kuti khomo loyamba kutchulidwa ndi lomwe lili ndi windo loyang'ana padzala. Madzulo anakumana ndi Achitsache panjira ya kubafa.

"Amayi, loyamba lija munalembanso ndinu?"

"Ndine, mwanawe."

"Chabwino." Anakonza khanda kumsana. "Mumalemba bwino."

Kuyambira pamenepo moni amapereka, koma wouma, wa pakamwa pokha. Ana ena mpaka lero amamutchabe Mayi Dzala, poti dzina likamata silimva sopo. Mtengwa anaphunziranso lamulo la m'malayini, tsopano amataya m'mamawa ngati wina aliyense, chidebe ataphimba.

Bini sinafike. Kwa sabata ziwiri anthu ankapita kumsewu ndi zinyalala zawo, akuyenda mokweza mapewa kuti aliyense awaone. Sabata yachitatu kunagwa mvula, ndipo Achitsache posuzumira pa kabowo ka katani anaona mithunzi itatu ikupatsana moni ikuyang'ana kumwamba. Anakhala pabedi, anadzisisita msana, anayang'ana chidebe chawo chakuda chili chodzaza pakona. Kumsewu ndi kutali, ndipo kumsika tsache linkawadikira.

Nanga inu amene mwaseka za makoswe a ambulera, chidebe chanu n'chamtundu wanji, ndipo mumatuluka nacho nthawi yanji?