Ndime Yonena za Anyamata

Abusa Bizweki anamuimitsa Getrude pansi pa mtengo wa mango asanalowe m'kalasi momwe makolo ndi aphunzitsi anali atakhala kale. Abusawo ndiwo ankayang'anira ntchito ya bungwe la mpingo la Nyali ya Mawa, lomwe linkaphikira ana phala, kumanga zimbudzi ndi kugawa mabuku m'sukulu za kwa Mwambo. Getrude sanali wa bungwelo. Anatumidwa ndi anthu akunja omwe ankalithandiza kuti aunike ntchitoyo, ndipo tsikuli anabwera kudzawerengera eni ake zomwe anapeza, lipoti lisanatumizidwe.

"Mayi, ndawerenga zonse," anatero abusa motsitsa mawu. "Mwalemba bwino. Koma ndime ija ya anyamata, ingoidumphani."

"Ndikaidumpha muno, abusa, ikakhalabe mulipoti."

"Ndiye ichotseninso mmenemo. Anthu akunja aja akaona mawu amodzi okayikitsa, amasamuka. Mudzabwera inu kudzawauza anawa kuti phala latha?"

Getrude analowa, napereka moni, nayamba kumasulira m'Chichewa gawo lonena za sukulu. Atanena kuti phala linkaphikidwa pafupifupi tsiku lililonse, anthu anaomba m'manja. Atanena kuti atsikana a Sitandade 6 mpaka 8 anachepetsa kujomba chimangireni zimbudzi ndi zipinda zosinthira, pomwe m'sukulu zina zinthu sizinasinthe, amayi analuluta. Kenaka anatembenuza tsamba.

"Chiwerengero cha anyamata obwera kusukulu chinakwera m'chaka chachiwiri," anawerenga. "Komabe chinakweranso mofanana m'sukulu zoyerekezera, zomwe sizinalandire thandizo. Nthawiyi ikugwirizana ndi pomwe nyanja ya Chilwa inaphwa, usodzi n'kuima. Madzi atabwerera, chiwerengerocho chinatsika mbali zonse ziwiri. Choncho palibe umboni wokwanira wosonyeza kuti kukwerako kunadza ndi pulogalamuyi."

Abusa anaimirira pang'onopang'ono.

"Abale, mwamva? Akuti thukuta lathu lonse lija si kanthu. Akuti inali nyanja."

"Sindinatero, abusa."

"Ife tinagwada, tinapempherera anawa. Mwabwera ndi manambala kudzachotsa dzanja la Mulungu?"

Phokoso linabuka. Mayi wina wophika phala anakuwa kuti iye amalawirira mame akadalipo, nkhuni kumutu, ndiye mlendo wa m'tauni asamunyoze. Wina anati lipotilo ling'ambidwe. Amuna awiri anadzuka n'kukaima pakhomo. Getrude anaona kuti njira yotulukira inali yokhayo. Anadziwa kuti akangosintha mawu awiri, onse akhala pansi. Koma anaganizanso za alangizi a anthu akunja aja, omwe adzawerenge lipotilo ndi kutumiza phala lomwelo kumadoko ena, akukhulupirira kuti limachotsa anyamata m'mabwato.

"Bambo ahedi," anatero mokweza, "manambalawa ndinawatenga m'marejisita anu, ndipo ndinabwera ndekha kudzawerenga ana osakuuzani. Ngati ndalakwitsa, ndiuzeni pano, ndikonza. Msonkhano uno ndi wa zimenezo."

Ahedi anayang'ana abusa, kenaka anawerama.

"Simunalakwitse," anayankha.

Pamenepo a Rashidi, wapampando wa komiti ya sukulu, anagogoda desiki. Anali Msilamu, msodzi wakale, munthu wosakonda zolankhulalankhula.

"Abusa, phala lanu ana athu amamwa, sitikana. Koma mnyamata wanga wachiwiri, pano tikukamba, ali pamadzi kuchilumba cha Chisi, akukoka matemba. Ndinamuletsa, ndinalephera. Mukalemba kuti anyamata ali m'kalasi, adzabwera ndani kudzandithandiza kumubweza?"

Amuna aja anachoka pakhomo, mmodzi n'kutulukiratu.

Abusa anakhala pansi, koma nkhope sinamasuke.

"Ndiye ife tilibe pakamwa mulipotimo?"

"Muli napo," anatero Getrude. "Bungwe limalemba yankho lake, ndipo limamatidwa kumapeto momwe mwalembera. Mukhoza kutsutsa. Ndime yokha ndiyo sindichotsa. Zomwe anena a Rashidi ndiziika m'gawo la malangizo, ngati avomera."

A Rashidi anagwedeza mutu kuvomera.

"Titsutsa," anatero abusa. "Ndipo ndikauza akuluakulu kuti ulendo wina atitumizire munthu wina."

Anatseka msonkhano ndi pemphero lalifupi, natuluka osamupatsa dzanja.

Getrude analongedza mapepala m'chikwama. Panja anapeza mayi wophika phala uja atamuimirira pafupi ndi njinga ya kabaza, manja m'chiuno.

"Za atsikana zija," anafunsa mayiyo mwaukali, "mwalembadi, kapena mumangotinyengerera?"

Getrude anatsegulanso chikwama, napeza tsambalo, namuwerengera ndimeyo kachiwiri, wakabaza akudikira.